Zilembo zokongola zinandidyera ndalama ya penti

"Ndimapanga madzi a malambe ndipo ndimagulitsira m'mbali mwa msewu wopita ku Monkey Bay. Ndikufuna chikwangwani komanso malebulo a pa mabotolo. Mwana wanga akuti tisankhe zilembo zopotanapotana zija za pa makhadi a ukwati. Kodi zingachite?"

Mayi, funso lanuli landikumbutsa chilonda. Nditangoyamba kumene ntchito yolemba zikwangwani kuno ku Mangochi, bambo wina wa malo ogona alendo anandipatsa ntchito. Ndinkafuna adziwe kuti wapeza mmisiri. Ndinapaka thabwa lonse penti ya buluu, kuti lifanane ndi nyanja, kenako ndinalemba dzina la malowo ndi penti yofiira, zilembo zopendekeka, zogwirana manja, chilichonse chili ndi kamchira kake. Pansi pake ndinaonjezera kuti kuli zipinda, chambo chootcha, magetsi, madzi otentha, ndi manambala awiri a foni. Ndili pa makwerero ndinkachita kudzigomera ndekha.

Patatha masabata awiri bambo aja anabwera, osakalipa ayi, anangoti tiyeni tikwere kabaza. Tinapita chapatali n'kutembenuka, kubwera ngati mmene mlendo angabwerere. Chimene ndinaona ndi chigamba chabuluu chokhala ndi kanthu kakuda pakati, ngati wina wakhetserapo msuzi. Dzina linayamba kuwerengeka titafika kale pa geti. Woyendetsa kabazayo, yemwe ankadutsa pamenepo tsiku lililonse, anafunsa kuti kodi pamenepa ndi pa tchalitchi? Ndinapakanso ndi penti yogula ndekha.

Cholakwa choyamba chinali mitundu. Kufiira ndi buluu zimasiyana ukaziyang'ana pafupi, koma zonse ndi zakuda mofanana, ndiye patali, makamaka dzuwa la Okutobala likamathwanima pa thabwa, zimasanduka chinthu chimodzi. Diso limagwira msanga kusiyana kwa kuwala ndi mdima. N'chifukwa chake chakuda pa chachikasu kapena choyera pa buluu woderako chimaoneka kuchokera kutali.

Cholakwa chachikulu chinali zilembo zija. Chilembo sichidziwika ndi penti yokha. Chimadziwikanso ndi malo amene simunapake: kabowo ka mu e, kabowo ka mu a, kukamwa kwa c, ndi mpata wosiyanitsa chilembo ndi chinzake. Munthu akamatalikira, timipata timeneti ndi timene timayamba kutsekeka. Ndiye e amasanduka o, ndipo r akayandikana ndi n amaoneka ngati m. Zilembo za pa makhadi a ukwati zili ndi timizere topyapyala tomwe timazimiririka patali, mabowo ake ndi ang'onoang'ono, ndipo mpata pakati pawo palibe chifukwa zinalumikizidwa dala. Khadi la ukwati munthu amaliwerenga atakhala pansi, lili m'manja. Wa mu minibasi ali ndi masekondi atatu.

Pamenepa ndiye sindinyengerera. Makompyuta atiwonongera zikwangwani m'tauni muno. Kale mmisiri ankajambula chilembo ndi choko, n'kutsika, n'kuyenda chafutambuyo kukaona. Lero mnyamata amakhala pa kompyuta, mphuno ili pafupi ndi sikirini, n'kumasankha fonti, kapena kuti mtundu wa zilembo, ngati akusankha chitenje. Mawu akapanda kukwana amawagwira ndi mausi n'kuwafinya m'mbali, zilembo n'kutalika ngati milaza, mizere yoimirira n'kuwonda pomwe yopingasa yatsala yonenepa. Yendani kuchokera pa nsanja ya wotchi ija kukafika ku msika, muwerenge nokha zikwangwani zofinyidwa. Ndipo musandiyambitse za anthu amene amachotsa kachizindikiro ka mu ng'ombe poti kakuwononga maonekedwe.

Amene amaitenga nkhaniyi mozama sasankha ndi maso okha. Jock Kinneir ndi Margaret Calvert, omwe anakonza zilembo za zikwangwani za m'misewu ya ku Britain kuyambira 1957, anasiya kulemba mayina a malo ndi zilembo zazikulu zokhazokha. Anasakaniza chachikulu choyamba ndi zing'onozing'ono, chifukwa dzina lolembedwa choncho limakhala ndi maonekedwe akeake, pena pokwera pena potsika, ndipo woyendetsa galimoto amalizindikira asanawerenge chilembo chimodzichimodzi.

Za chikwangwani chanu

Amisiri ambiri timayendera muyeso uwu: pa mamita 3 aliwonse amene wowerenga watalikira, chilembo chitalike masentimita 2.5. Galimoto yothamanga makilomita 50 pa ola imadya mamita pafupifupi 14 pa sekondi. Kuti munthu akhale ndi masekondi atatu, ayambe kuwerenga ali pa mamita 42. Gawani 42 ndi 3, mupeza 14, ndipo 14 kuchulukitsa ndi 2.5 ndi masentimita 35. Umenewo ndiye msinkhu wa M woyamba wa dzina loti Malambe.

Thabwa la pulayiwudi limatalika mamita 2.44. Mukalemba MALAMBE ndi zilembo zazikulu zokhazokha za Arial Bold pa msinkhu umenewo, mawuwo adutsa pang'ono m'mphepete mwa thabwa, ndipo mnyamata uja ayamba kufinya. Mukalemba Malambe akwana mamita ngati 2.1, malo opumira n'kutsala. Pansi pake ikani mawu awiri basi, monga "ozizira bwino". Nambala ya foni isiyeni, palibe amene amakopera nambala ali mu minibasi. Ndipo thabwalo liyang'ane kumene magalimoto akuchokera, osati kutsidya kwa msewu.

Malebulo nawo anandiphunzitsa mowawa, ngakhale apa wolakwa sindinali ndekha. Mayi wina wogulitsa tsabola wa kambuzi ankafuna lebulo yakuda, mawu oyera. Pa kompyuta zinkaoneka zapamwamba. Titasindikiza, inki yakuda inayenderera pang'ono papepala, monga imachitira nthawi zonse, n'kulowa m'timizere toyera tija. Pa tsiku lothera ntchito, 8 ndi 3 sankasiyananso, 6 nayenso ankaoneka ngati 8. Ndi matenda ofanana ndi aja a pa thabwa, kungoti kuno wotseka ndi inki, ndipo chotsekeka ndi timizere toyera ta zilembozo. Matthew Carter atapatsidwa ntchito yokonza zilembo za mabuku a manambala a foni ku America, zotchedwa Bell Centennial za mu 1978, anachita kudula timipata m'makona a zilembo kuti inki ikayenderera igwere mmenemo.

Inu zanu ndi zovutirapo, chifukwa botolo lochoka mu kula bokosi limachita thukuta, ndipo inki ya pulinta zing'onozing'ono za m'nyumba zija imasungunuka ikanyowa. Kasindikizeni pa pulinta ya leza kapena pa sitika ya pulasitiki.

Pa kukula kwa mawu, musakhulupirire nambala yokha ya mapointi, omwe ndi muyeso wa zilembo pa kompyuta. Yezani msinkhu wa x wamng'ono. Mayiko a European Union anaika lamulo mu 2011 loti pa malebulo a zakudya usachepere mamilimita 1.2, ndipo ine ndimabwereka muyeso umenewo. Arial ndi Verdana amaukwanitsa pa mapointi 7, pomwe Times New Roman amafuna 8. Choncho zosakaniza, tsiku lothera ntchito ndi nambala ya foni zikhale Verdana, mapointi 7 kapena 8, zakuda pa choyera, zopanda chithunzi kumbuyo. Mawu akachuluka dulani mawuwo, zilembo musazichepetse.

Mwana wanuyo musamukhumudwitse kwambiri. Dzina la bizinesi pa lebulo, lalikulu, angalipotoze mmene akufunira, poti botolo limawerengedwa lili m'manja. Koma musanalipire malebulo 500, sindikizani imodzi, muimate pa botolo, igone usiku mu madzi oundana, m'mawa mukapatse agogo oyandikana nawo kuti akuwerengereni nambala ya foniyo mokweza.