Mpira umene sukuyenda sumveka

Mphunzitsi wina wa ku Chawama walemba kuti: "Ndimaphunzitsa zamasewera m'giredi 6, ana 45. Pali mnyamata amene saona ngakhale pang'ono, komanso mtsikana wachialubino amene amaona pang'ono. Nthawi ya mpira mnyamatayu ndimamukhazika pansi pa mtengo kuti asavulale, mtsikanayu ndimamuika pagolo. Mtima sukundipatsa mtendere. Ndisinthe bwanji maphunziro a mpira kuti nawonso azisewera?"

Aphunzitsi, choyamba mtsikanayo mumuchotse pagolo. Pagolo ndi pamalo pamene mpira umabwera mwaliwiro, m'mwamba, ndiponso molunjika kumaso. Ngakhale mu mpira wa anthu osaona umene umaseweredwa pa Paralimpiki, mipikisano ya dziko lonse ya anthu olumala, kuyambira mu 2004 ku Athens, osewera anayi a m'kati ndiwo osaona, koma wotchinga pagolo amakhala woona. Anthu amene anakonza malamulowo, a IBSA, bungwe loyendetsa masewera a osaona pa dziko lonse, anadziwa kuti mpira wouluka palibe khutu limene lingausake. Ndiye tikaika mwana wa vuto la maso pagolo poganiza kuti kumeneko sathamanga, timakhala tamupatsa ntchito yoopsa kuposa zonse m'bwalo.

Chimene muyenera kugwiritsa ndi ichi: zonse zimene ana ena amazidziwa ndi maso, mnyamatayo ayenera kuzidziwa ndi khutu kapena ndi phazi. Mpira uli kuti, mnzake ali kuti, bwalo lathera pati, golo lili mbali iti. Mukasintha phunziro, dzifunseni mafunso anayiwa, ndipo paliponse pamene yankho ndi lakuti "aona yekha", pamenepo ndiye pofunika kukonza.

Tiyambe ndi mpira. Mpira weniweni wa osaona uli ndi zinthu zolira m'kati mwake, ndi wolemererapo, ndipo sudumphadumpha. Ngati sukulu ilibe, tengani mpira wamba, muuphwetse pang'ono kuti usamanjanje, muulowetse m'mapepala apulasitiki awiri, aja okhuluchuka kwambiri, mumange mfundo ndi kuimata ndi tepi. Paudzu waufupi kapena padothi losalala umamveka bwino, koma pamiyala mapepala amang'ambika msanga, choncho muzikhala ndi ena m'thumba. Chimpombwa nachonso chimathandiza: pakati pake muikepo kabotolo kapulasitiki kokhala ndi timiyala tisanu kapena tisanu ndi kamodzi. Mukakulunga mapepala ambiri phokoso limafa, ndiye muyese pogubuduza chimpombwacho inu mutatsinzina pa mtunda wa mamita 8. Ngati inu simukuchimva, mwanayo sachimvanso. Musamangirire zotsekera mabotolo zachitsulo kunja kwa mpira, chifukwa ana ambiri amasewera opanda nsapato.

Koma mpira wolira uli ndi malire awiri amene aphunzitsi ambiri amawazindikira mochedwa. Ukaima sumveka, ndipo ukakhala m'mwamba sumveka. Mwana amene waima pakati pa bwalo mpira uli pafupi naye sikuti ndi waulesi kapena wamantha. Kwa iye mpirawo wasowa. N'chifukwa chake lamulo la kalasi yonse likhale lakuti mpira uziyenda pansi, ndipo ukaima, amene ali pafupi augwedeze ndi phazi kuti ulire.

Tsopano titenge phunziro lodziwika lija la kupatsirana awiriawiri, tiliyende lonse.

Mnyamatayo aime moyang'anizana ndi mnzake pa mtunda wa mamita atatu okha. Mnzakeyo asanamenye atchule dzina la mnyamatayo, kenako agwedeze mpira kawiri pansi pa phazi kuti adziwike pamene ukuchokera. Mnyamatayo ayankhe kuti "kuno", ndipo aimike mapazi zidendene zitayandikana, zala zitayang'ana kunja, maondo atapindika pang'ono. Mpira umalowa pakati pa mapaziwo, iye n'kuuponda pamwamba ndi kuphazi. Kuponda kumeneku n'kofunika kwambiri, chifukwa mpira umene uli pansi pa phazi lake akuudziwa pamene uli popanda kufunsa munthu. Pobweza, mnzakeyo aitane mobwereza, "kuno, kuno, kuno", osasuntha pamene waima, kufikira mpira utachoka. Mnyamatayo alozetse chifuwa kumene kukuchokera mawu, aponde phazi lina pambali pa mpira, amenye ndi m'kati mwa phazi. Akakwanitsa kulandira mipira 8 mwa 10, onjezani mtunda ufike mamita asanu, kenako 8.

Chimene chimasokoneza kawirikawiri ndi chifundo cha mnzake. Amamenya mofooka kuti "asamuvutitse", mpira n'kumakwawa mwakachetechete n'kuima panjira. Mpira wothamangako ndiwo umalira bwino. Muuzeni mnzakeyo amenye mwamphamvu ndithu, bola pansi.

Mukaona kuti mpira wa mnyamatayo ukupita mbali imodzimodzi nthawi zonse, musafulumire kunena kuti phazi lake n'lokhota. Chotsani mpira, mnzake aitane, iye aloze ndi dzanja kumene akumva mawu. Akaloza molondola, vuto lili pa phazi lopondera, limene mwina likuyang'ana kumbali. Gwadani, mumupemphe kaye, mumuongolere phazilo ndi dzanja. Akaloza molakwika, yang'anani malo. Chipupa cha kalasi kapena mpanda wa njerwa umabweza mawu, ndipo mwana amamva ngati mnzake ali kwina. Mphepo nayonso imanyamula mawu, makamaka ija ya mu Ogasiti yodzutsa fumbi. Muimikeni kumene mphepo ikupita kuti phokoso lizibwera kwa iye. Ngati mwasintha malo koma akulozabe mbali imodzi, auzeni makolo kuti akamupimitse makutu.

Ndipo pali nkhani ya phokoso la kalasi. Magulu 22 onse akukuwa "kuno" nthawi imodzi, mabasi akuliza mahutala pamsewu, mwanayo samva kanthu. Gulu lake likhale kumapeto kwa mzere, mbali yotalikirana ndi msewu, ndipo pakati pa iwo ndi gulu lotsatira pakhale mpata wa mamita asanu. Kumapeto kwa mzere, osati kuseri kwa sukulu. Pamenepa ndimalimbikira kwambiri, chifukwa ndi pamene zinthu zimapotoka: mwana amapatsidwa mnzake mmodzi wachifundo, awiriwo n'kumasewera paokha chaka chonse pamene kalasi ikusewera mpira weniweni. Mthunzi wa mtengo uja wangosintha malo basi. Muzisinthanitsa anzake mphindi zisanu zilizonse, kuti pakutha kwa temu ana onse akhale atadziwa kuitana ndi kupereka mpira womveka. Ana oonawo sataya kanthu, popeza kuitanirana ndi kupatsirana pansi ndi zimene mphunzitsi aliyense wa mpira amazifuna kwa osewera ake.

Malankhulidwe anu nawonso asinthe. "Pita uko", "chita chonchi" ndi mawu opanda kanthu kwa iye. Nenani kuti "mapazi atatu kumanja kwako", kumanja kwa iyeyo osati kwanu, ndipo muziyamba ndi dzina lake kuti adziwe kuti mukulankhula naye. Wezulo musaiimbire pafupi ndi khutu lake, chifukwa kwa kanthawi samvanso mpira.

Kuyenda ndi mpira, ndi kulowa m'masewero

Ana oona amakankha mpira patsogolo n'kuuthamangira. Wosaona akachita zimenezo wautaya. Iye aziuyendetsa pakati pa mapazi ake, m'kati mwa phazi lamanja kupita m'kati mwa lamanzere, ndi masitepe aafupi, mpira osachoka pamapazi. Ayambe ali chiimire, kenako ayende kulunjika mawu a mnzake pa mamita 10. Mutu ukhale woongoka. Akaweramitsa mutu kuti amvetsere mpira, mutuwo ndiwo umayamba kugunda mnzake. Pa phunziro lozungulira makoni, chotsani makoniwo muimikepo ana motalikirana mamita atatu, aliyense aziomba m'manja yekha ikafika nthawi yake, ndipo akadutsidwa akhale chete.

Bwalo la mpira wa osaona ndi la mamita 40 mulitali ndi 20 mulifupi, ndipo m'mbali mwake muli matabwa otalika pafupifupi mita imodzi kupita m'mwamba, obweza mpira ndi kuuza wosewera kuti wafika kumalire. Kusukulu matabwa mulibe, koma ana muli nawo ambiri. Pangani kabwalo ka mamita 20 ndi 15, osewera anayi timu iliyonse, ndipo amene akudikira nthawi yawo aime m'mbali, azibweza mpira ndi phazi ndi kunena kuti "malire" mnyamatayo akayandikira. Masewero asanayambe, yendani naye kuzungulira kabwaloko atagwira chigongono chanu, agwire mitengo ya golo zonse ziwiri, ndipo mutole miyala ndi kukwirira maenje. Zikwama ndi mabotolo amadzi zikhale malo amodzi kunja, osasintha.

Aliyense wopita kukalanda mpira azifuula asanafike. Pa mipikisano amanena "voyi". Ana anu atha kunena "ndabwera". Wolanda mwakachetechete walakwa, mpira upite kwa enawo, ngakhale atakhala katswiri wa kalasi. Masabata oyamba azisewera choyenda, kenako chothamanga pang'ono, ndipo mnyamatayo azipinda mkono umodzi patsogolo pa chifuwa. Kuseri kwa golo limene akuukira kuime mwana mmodzi woitana, wonena mtunda: "mamita asanu, menya!" Pa penate woitanayo agogode mtengo wakumanja, kenako wakumanzere, kenako aitane ali pakati. Oonerera asakuwe mpaka chigoli chitalowa. Mukaona kuti anzake akumulambalala, ikani lamulo lakuti chigoli chiwerengedwe pokhapokha onse anayi atakhudza mpira, osati lamulo lotchula iye yekha.

Mtsikanayo musamumange nsalu kumaso, ndipo musamuchitire zonse za mnyamatayo. Maso amene ali nawo agwire ntchito. Iye amavutika ndi kuwala, choncho dzuwa lizikhala kumbuyo kwake, avale chipewa chotambalala ndi malaya a manja aatali, ndipo ngati mungathe phunziro likhale m'mawa, makamaka mu Okutobala. Padothi lathu lofiira mpira woyera kapena wachikasu ndiwo umaoneka, koma fumbi limaudetsa msanga, ndiye muziupukuta. Matimu avale mitundu yosiyana kwambiri, wina woyera wina wakuda, osati wofiira ndi wa lalanje. Akamapendeketsa mutu poyang'ana mpira musamuongole, chifukwa mwina ndi mmene maso ake amakhazikikira. Mumufunse mtunda umene amayamba kuona mpira, ndipo kupatsirana kwake kuyambire pamenepo.

Za kumenya mpira ndi mutu, kwa onse awiri dikirani kaye. Pali matenda ena a maso amene kugundidwa kungathe kuwononga kuona kumene kwatsala, ndipo zimenezi mphunzitsi sangazidziwe pongoyang'ana. Makolo akafunse dokotala wa maso, kaya ku chipatala cha maso cha UTH ku Lusaka kapena kumene amapita kale, mafunso awiri: kodi mwanayu angasewere masewero ogundana, ndipo kodi akufunika magalasi oteteza. Podikira yankho, kupatsirana pansi ndi kuyenda ndi mpira atha kuyamba pa phunziro likubwerali.