Nkhondo za Mtanda: musaunjike zifukwa milu itatu yofanana

*"Zikomo achimwene. Mayeso ayandikira, ndipo funso limene limabwerabwera ndi lakuti tiyerekezere zifukwa za chipembedzo, za chuma ndi za ndale zimene zinayambitsa Nkhondo za Mtanda. Mfundo ndili nazo zambiri koma ndikalemba aphunzitsi amati ndangondandalika. Chimangirizochi ndichiyale bwanji?"*

Zikomo achemwali. Aphunzitsi anuwo akunena zoona, ndipo vuto lake ndi lofala. Wophunzira amalemba ndime ya chipembedzo, ndime ya chuma, ndime ya ndale, kenako n'kumaliza kuti zonse zinali zofunika. Pamenepo wangoika milu itatu ya tomato pamsika, sanayerekeze kanthu. Wochonga akufuna kuona kuti chifukwa chilichonse chikuyankha funso liti, nanga chikulephera pati.

Ine ndikanakhala inu, ndikanagwira Nkhondo ya Mtanda Yoyamba, ya 1095 mpaka 1099, monga msana wa yankho lonse, n'kuigawa m'mafunso awiri. Loyamba: n'chifukwa chiyani Papa Urbano II anaitana anthu m'chaka cha 1095, osati kale? Lachiwiri: n'chifukwa chiyani anthu zikwi zambiri anavomera kupita? Woitana ndi woyankha anali anthu osiyana, ndipo zimene zinkawakankha sizinali zofanana. Mukangoona zimenezi, mawu anu oyamba alembeka okha: ndale zikufotokoza nthawi imene nkhondoyi inabukira, chipembedzo chikufotokoza khamu limene linanyamuka, pomwe chuma chinali ndi mphamvu yochepa poyamba koma chinakula m'nkhondo zotsatira. Ziganizo zitatu zokha, ndipo wochonga wadziwa kale kumene mukulowera.

Yambani ndi ndale, ndipo tsegulani ndi mfundo imene imadzidzimutsa. Yerusalemu anali m'manja mwa Asilamu kuyambira cha m'ma 638. Mu 1009 mfumu ya ku Iguputo, al-Hakim, inagwetsa tchalitchi cha pa Manda Oyera, koma Ulaya sanatumize asilikali. Ndiye kukonda Yerusalemu pakokha sikungafotokoze 1095. Chimene chinasintha ndi ichi: mu 1071 Ateki a mtundu wa Seljuk anagonjetsa ufumu wachikhristu wa Kum'mawa wa Byzantium pa Manzikert n'kugwira mfumu yake, ndipo m'zaka zotsatira mbali yaikulu ya dziko limene lero ndi Teki inawagwera m'manja. Mu Malichi 1095 mfumu ya Byzantium, Alexios I, inatumiza amithenga ku msonkhano wa mpingo ku Piacenza kukapempha asilikali. Alexios ankafuna ankhondo omuthandiza kulanda madera ake, sankapempha ulendo wa ku Yerusalemu.

Naye Urbano anali ndi zake. Upapa unali pa mkangano waukulu ndi mfumu ya ku Jeremani, Henry IV, pa nkhani yakuti woyenera kuika mabishopu ndani. Henry anali atadziikira papa wakewake, Clement III, moti kwa zaka zingapo Urbano sankatha kukhazikika mu Roma. Papa amene akanasonkhanitsa ankhondo a Ulaya pansi pa mawu ake, n'kuthandizanso Akhristu a Kum'mawa amene anasemphana ndi Roma mu 1054, akanaonetsa poyera kuti mtsogoleri weniweni wa Akhristu ndani. Koma tsekani ndimeyi ndi malire ake. Pa nkhondo yoyambayi sipanapite mfumu ndi imodzi yomwe. Henry IV anali mdani wa papa, Philip I wa ku Falansa anali atachotsedwa mu mpingo pa nkhani ya ukwati, ndipo William II wa ku Mangalande anatsala kwawo. Ndale zinatsegula chitseko, koma sizikutiuza chimene chinadzutsa msilikali wa kumudzi ku Normandy kapena ku Provence.

Apa ndiye pobwera chipembedzo, ndipo ndimeyi ikhale yaitali kuposa zonse. Musangolemba kuti "anthu anali opembedza". Fotokozani mmene zinkayendera. Msilikali wa pa hatchi wa nthawi imeneyo ntchito yake inali kupha, kulanda ndi kutentha, ndipo mpingo unkamuphunzitsa kuti zonsezi ndi machimo. Akalapa, wansembe ankamupatsa ntchito zolipira machimowo, monga kusala kudya kwa nthawi yaitali kapena kuyenda ulendo wa ku malo oyera wopanda chida m'manja. Njira yotsimikizika inali kutaya lupanga n'kulowa umonke. Ku Clermont, mu Novembala 1095, Urbano anaphatikiza zinthu ziwiri zimene zinali zotalikirana: ulendo wa ku malo oyera ndi nkhondo. Lamulo la msonkhanowo linanena kuti wopita ku Yerusalemu kukamasula mpingo chifukwa cha kudzipereka kokha, osati pofuna ulemu kapena ndalama, ulendowo ulowa m'malo mwa ntchito zonse zolipira machimo ake. Taganizani munthu amene moyo wake wonse wakhala akuopa moto wosatha chifukwa cha ntchito yake, lero akuuzidwa kuti ntchito yomweyo ingamupulumutse. Ankalumbira, n'kusokerera mtanda wansalu pa chovala, ndipo wothawa lumbirolo ankayembekezera kuchotsedwa mu mpingo.

Umboni wamphamvu wa ndimeyi ndi zimene zinachitika pamapeto. Yerusalemu anagwa pa 15 Julayi 1099. Atapambana nkhondo ya ku Ascalon mwezi wotsatira, ambiri mwa amene anapulumuka anabwerera kwawo, ndipo mmodzi wa atsogoleri awo, Godfrey wa ku Bouillon, anatsala ndi asilikali a pa hatchi pafupifupi 300 okha. Munthu wofuna malo sachoka malowo atangowapeza. Amene amachoka ndi munthu woti wakwaniritsa lumbiro lake.

Pano ndikupempheni chinthu chimodzi chimene ndimachitenga mozama. Kunena kuti chipembedzo ndicho chinawakankha sikutanthauza kuti zochita zawo zinali zabwino. Changu chomwecho ndicho chinapha Ayuda ku Worms ndi ku Mainz mu 1096, ankhondo asanatuluke n'komwe mu Ulaya, ndipo chinapha Asilamu ndi Ayuda ambirimbiri mu Yerusalemu mu 1099. Chiganizo chimodzi chonena zimenezi chiikeni, chifukwa n'zoona, komanso chikuonetsa kuti mukufufuza chifukwa, simukuikira munthu kumbuyo.

Ndime ya chuma ndi imene ophunzira ambiri amagwerapo, chifukwa amalemba nkhani yakale yakuti opita anali ana aamuna aang'ono m'banja, osowa cholowa, okasaka minda Kum'mawa. Itchuleni ndithu, koma muiyese. Ulendowu unali wodula kwambiri. Katswiri wa mbiri Jonathan Riley-Smith, amene anawerenga zikalata za malonda ndi zikole zimene opitawo anasiya, anaonetsa kuti msilikali wa pa hatchi ankafunika ndalama zoposa kangapo zimene ankapeza pa chaka. Ambiri anapinyolitsa malo awo. Godfrey anapereka linga lake la Bouillon kwa bishopu wa ku Liège kuti apeze ndalama. Robert wa ku Normandy, yemwe anali mwana wachisamba wa William Mgonjetsi, anaika dziko lonse la Normandy chikole kwa mng'ono wake pa ndalama zasiliva zokwana mamaki 10,000. Awa ndi anthu amene anali nacho kale, n'kuchiika pangozi.

Komabe musachitaye chuma chonse, chifukwa wochonga wakuthwa adzakufunsani za Bohemond ndi Baldwin. Bohemond wa ku Taranto, amene bambo ake anasiyira ufumu wawo mwana wina, anagwira Antiokeya mu 1098 n'kukhala pomwepo, osapitiriza ku Yerusalemu ndi anzake. Baldwin wa ku Boulogne anapatuka n'kukatenga Edessa chaka chomwecho. Amalonda a ku Genoa amene anathandiza ndi zombo pa Antiokeya anapatsidwa tchalitchi, msika ndi nyumba 30 mumzindamo. Nenani choncho: chuma chikufotokoza bwino khalidwe la atsogoleri ena ali m'njira, koma chikulephera kufotokoza chifukwa chimene unyinji unanyamukira. Onaninso kuti lamulo la ku Clermont lija linatchula ulemu ndi ndalama monga zolinga zosayenera. Mpingo sukanaletsa chinthu chimene sichinali m'mitima ya ena.

Mukatha ndime zitatuzi, mufunika ina imodzi yoyesa mfundo yanu pa nkhondo ina, popeza funso likunena za Nkhondo za Mtanda zambiri. Tengani Yachinayi. Mu 1201 atsogoleri ake anapangana ndi mzinda wa Venice kuti uwapangire zombo za anthu 33,500 pa mtengo wa mamaki 85,000. Amene anafika ku Venice anali ngati gawo limodzi mwa magawo atatu a chiwerengerocho, ndipo panatsala ngongole ya mamaki pafupifupi 34,000. Kuti aimitse kaye ngongoleyo, anavomera kuthandiza Venice kulanda Zara mu 1202, mzinda wa Akhristu, ngakhale Papa Innocent III analetsa. Kenako mwana wa mfumu yochotsedwa ya Byzantium anawalonjeza ndalama zambiri akamuika pampando. Anamuika, iye analephera kulipira zonse, anaphedwa ndi anthu a kwawo, ndipo mu Epulo 1204 ankhondo a mtanda anafunkha Constantinople, likulu la Byzantium. Anthu amenewa analumbira pa zifukwa zofanana ndi za makolo awo a 1095, koma ngongole ndi mikangano ya mpando ndi zimene zinasankha kumene zombo zinalowera. Ndimeyi ikuonetsa kuti kulemera kwa zifukwa zitatuzi kunkasintha ndi nthawi, ndipo malikisi apamwamba amakhala pamenepo.

Za nthawi: ngati muli ndi mphindi 45, zisanu zoyamba lembani pambali mafunso awiri aja ndi zaka zanu. Ndale, chuma ndi Nkhondo Yachinayi zipatseni mphindi pafupifupi zisanu ndi ziwiri iliyonse, chipembedzo khumi, zotsalazo ndi za mawu oyamba ndi otsiriza. M'mawu otsiriza musabweretse dzina latsopano. Bwererani ku mafunso awiriwo n'kunena kuti chifukwa chiti chayankha liti.

Chenjeraninso ndi ulaliki wa Urbano ku Clermont. Mawu ake enieni tilibe. Nkhani zonse za ulalikiwo zinalembedwa patapita zaka, Yerusalemu atagwa kale, ndipo sizigwirizana. Ija imene imati papa anadandaula kuti dziko la Afalansa ndi lopanikizana, losakwanira kudyetsa anthu ake, ndi ya mmonke Robert wa ku Reims, amene analemba patatha zaka khumi kapena kuposerapo. Mukaigwiritsa ntchito m'ndime ya chuma, lembani kuti "malinga ndi Robert", osati "Urbano anati".