Habu, filiwilo, kilanki ndi masipoko: kuzindikira zitsulo za njinga pa chithunzi musanakagule

"Njinga yanga ya kabaza ikumati ndikapalasa, mapedulo akuzungulira okha koma tayala osayenda. Chitsulo cha pedulo ya kumanzere chikugogoda, ndiponso timawaya tiwiri ta tayala lakumbuyo taduka. Amakanika akwathu akuti ndikagule ndekha zitsulo m'tauni, koma sindikudziwa mayina ake. Ndakutumizirani chithunzi cha mbali ya tcheni, chonde ndiuzeni chilichonse dzina lake."

Achimwene, chithunzi chanu chikuoneka bwino, ndipo njingayo ndi yamtundu wakale uja wa giya imodzi, wa mabuleki a ndodo zachitsulo. Mayinawo ndikuuzani, koma dzina lokha siligula chitsulo choyenera. Mukafika m'sitolo n'kunena kuti mukufuna sipoko, wogulitsa akufunsani kuti yaitali bwanji, ndipo mukasowa yankho akupatsani imene ili pafupi ndi dzanja lake. Choncho pa chitsulo chilichonse nditchula dzina lake, kenako chimene muyenera kuwerenga kapena kuyeza musananyamuke.

Njira yosavuta yowerengera chithunzi ndi kutsata mphamvu kuchokera kuphazi mpaka pansi. Phazi limaponda pedulo. Pedulo yamangidwa pa mkono wachitsulo umene ndi kilanki. Kilanki ya kumanja yalumikizidwa ndi giya yaikulu ya mano, ndipo makilanki onse awiri agwira ekiselo imene yadutsa m'felemu. Tcheni chimachoka pa giya yaikuluyo kupita ku kagiya kakang'ono ka kumbuyo, kamene ndi filiwilo. Filiwilo yapotedwa pa habu, chitsulo chonga kamgolo chimene chili pakatikati pa wilo. Kuchokera pa habu, timawaya mwatchula tija, masipoko, timapita ku limu, ndipo pa limu ndi pamene pakhala tayala ndi chubu.

Vuto lanu lalikulu lili pakati pa filiwilo ndi habu, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amataya ndalama, chifukwa pa chithunzi ziwirizi zimaoneka ngati chitsulo chimodzi. Kusiyana kwake ndi uku: chili chonse chokhala ndi mano ogwira tcheni ndi filiwilo, ndipo chili chonse chokhala ndi timabowo tolowa masipoko ndi habu. Habu ya njinga ngati yanu ili ndi mazinga ku mbali ya kumanja, ndipo filiwilo imalowa pa mazingawo ngati nati. Mukamapalasa imanka nilimba yokha, n'chifukwa chake imavuta kumasula.

M'kati mwa filiwilo muli tizitsulo tiwiri tonga zikhadabo, tokankhidwa ndi kasipuling'i kopyapyala. Mukapalasa chamtsogolo timakola mano a m'kati, wilo n'kuyenda. Mukasiya kupalasa timangodumpha pamwamba pa manowo, ndipo ndi timene timalira kuti tiki tiki. Fumbi likasakanikirana ndi girizi wouma, kapena kasipuling'i kakathyoka, tizitsuloti timagona pansi osadzukanso. Zikatero tcheni chimazungulira, mano akunja amazungulira, koma wilo imangokhala.

Musanagule, chitani izi. Imikani njinga pa sitandi, gwirani tayala ndi dzanja limodzi, wina azungulitse pedulo pang'onopang'ono, inu maso ali pa filiwilo. Ngati mano akunja okha ndi amene akuzungulira pomwe thupi lake la m'kati lili phee, vuto ndi la filiwilo. Ngati filiwilo yonse, ndi thupi lake lomwe, ikuzungulira pa habu, ndiye kuti mazinga a habu adyeka. Pamenepo filiwilo yatsopano sikuthandizani. Pafunika habu ina, ndipo kusintha habu ndi kumasula masipoko onse n'kuluka wilo mwatsopano. Izi zimachitika kawirikawiri pa njinga zonyamula katundu wolemera pa mitunda, makamaka ngati filiwilo inalowetsedwa mopingasa poyamba.

Ngati vuto ndi la filiwilo, yambani mwaitsuka. Gonekani njinga mbali ya tcheni ili m'mwamba, thirani parafini mu mpata uli pakati pa mano ndi thupi, zungulitsani chambuyo mpaka kulira kuja kubwerere, kenako thirani madontho angapo a oyilo wopepuka. Musapakemo girizi wolimba, chifukwa ndiye amamata tizitsulo tija. Ikapanda kudzuka, gulani ina. Pa kabaza, ineyo ndimaona kuti filiwilo imene yayamba kuphonya ndi yosintha basi, chifukwa ikaphonya muli chiimire pa mapedulo ndi kasitomala kumbuyo, nonse mugwa.

Chowerenga pa filiwilo ndi mano. Ikani chala pa dzino limodzi n'kuwerenga kuzungulira. Pa njinga za giya imodzi mupeza 16, 18, 20 kapena 22. Pa chithunzi chanu tcheni chaphimba theka la mano, choncho muwerenge nokha pa njingapo. Mano ambiri amafewetsa mtunda koma amachepetsa liwiro, ndipo mukachoka pa 18 kupita pa 22 tcheni chikhoza kufupika, n'kufunika kuchiwonjezera. Nenaninso kuti ndi ya tcheni chachikulu cha giya imodzi, chimene pa paketi amalemba 1/2 x 1/8, chifukwa cha njinga za magiya ambiri ndi chopyapyala ndipo sichikhala pa mano okhuthala.

Owerenga amene ali ndi njinga za magiya ambiri, monga zakaunjika zija, asamale pa chinthu chimodzi. Mulu wa magiya akumbuyo ukhoza kukhala filiwilo yopota kapena kaseti yongolowetsa pa habu, ndipo pa chithunzi cha wilo ili pa njinga simungasiyanitse. Chotsani wilo, zungulitsani magiya chambuyo, yang'anani timizere ta pakati tolowa chomasulira. Tikamazungulira limodzi ndi magiya, ndi kaseti. Tikakhala chiimire, ndi filiwilo. Chimodzi sichilowa pa habu ya chinzake.

Tibwere ku masipoko. Sipoko ili ndi mutu wopindika umene umakola pa habu, ndipo mbali inayo ili ndi mazinga olowa mu kanati kotchedwa nipo, kamene kali pa limu. Nthawi zambiri imaduka pa chigongono, pafupi ndi habu, osati chifukwa inamangidwa kwambiri ayi, koma chifukwa inali yolefuka. Sipoko yolefuka imapindika pang'ono n'kuwongoka nthawi iliyonse wilo ikazungulira, mpaka chitsulo chimatopa. Ndiye ziwiri zikaduka, finyani zotsalazo ziwiriziwiri ndi dzanja. Mupeza zina zofewa zimene zili m'njira yomweyo.

Utali wa sipoko sungadziwike pa chithunzi, ngakhale kwa makanika wodziwa. Umadalira limu, kukula kwa habu ndi kalukidwe kake, ndiko kuti sipoko imodzi ikudutsana ndi zinzake zingati. Kusiyana kwa mamilimita atatu okha kumakwana kuti sipoko isafike bwino mu nipo, kapena ituluke n'kuboola chubu. Chitani chosavuta: masulani sipoko imodzi yathunthu ku wilo lomwelo, mbali yomweyo imene zadukazo zinali, mupite nayo. Ngati mukuyeza, yezani kuchokera m'kati mwa chigongono mpaka kunsonga ya mazinga. Kukhuthala kulinso ndi ntchito. Sipoko wamba ndi ya geji 14, ya mamilimita 2, pomwe zonyamulira katundu ndi geji 13 kapena 12, zimene ndi mamilimita 2.3 ndi 2.6. Zokhuthalazi zimafuna manipo akeake, ndipo nthawi zina sizilowa m'mabowo a habu wamba. Gulani zisanu kapena zisanu ndi imodzi, osati ziwiri zokha, pamodzi ndi manipo ake.

Zimene zaduka pa chithunzi chanu ndi za mbali ya tcheni, ndipo kumeneko sipoko siilowa filiwilo ili pomwepo, chifukwa imatseka mabowo. Ndiye ntchito ziwirizi zichitike tsiku limodzi: filiwilo ichoke, masipoko alowe, wilo iwongoledwe, kenako filiwilo yatsopano ilowe ndi dzanja, mazinga atapakidwa girizi pang'ono. Ngati zitapezeka kuti habu ndiyo yafa, werengani mabowo a limu musanagule. Njinga zambiri zamtundu wanu zili ndi 40 kumbuyo ndi 32 kutsogolo, zina 36 konsekonse, ndipo habu iyenera kufanana ndi limu. Onaninso pambali pa tayala: 28 x 1 1/2 kapena 40-635 ndi limu yosiyana ndi ya 622, ngakhale ogulitsa amazitchula zonse kuti 28.

Kilanki ya kumanzere sikuoneka yonse pa chithunzi, koma ya kumanja ikuonetsa mtundu wake. Pamene kilanki yakumana ndi ekiselo pali kachitsulo kodutsa chopingasa, mbali ina mutu wosalala, mbali ina nati ndi washa. Imeneyo ndi kotapini. Mbali yake imodzi ndi yosemedwa motsetsereka, ndipo imalowa mothina ngati kachitsulo kosongoka kamene amakhomera pa mpini wa khasu kuti lisaguluke. Ikadyeka, kilanki imayamba kugwa pang'ono pedulo ikafika pamwamba, n'kugogoda kamodzi pa kuzungulira kulikonse.

Koma kugogoda kungachokerenso ku mabelingi a ekiselo, ndipo kusiyanitsa n'kosavuta. Gwirani makilanki onse awiri, gwedezani wa kumanzere chamtsogolo ndi chambuyo. Ngati ukusuntha wokha wa kumanja ali chete, ndi kotapini. Ngati mukagwedeza cham'mbali onse awiri akusuntha pamodzi ndi ekiselo, ndi makapu ndi timipira ta belingi ta m'felemu, tomwe timakhala 11 mbali iliyonse, ta kota ya inchi.

Makotapini ofala ndi a mamilimita 9 ndi 9.5, ndipo ndi maso okha simungawasiyanitse, choncho yakaleyo ipite nanu m'thumba. Gulani ziwiri zofanana n'kusintha zonse, chifukwa zikasiyana katsetserekedwe makilanki saloza mbali zosemphana ndendende. Pa chifukwa chomwecho, imodzi ikaloza nati m'mwamba, inzake iloze nati pansi pamene makilanki agona mopingasa. Kotapini imalimbitsidwa pomenya kumutu kwake ndi hamala, kilanki itatsamira pa paipi kapena chitsulo chofika pansi kuti mabelingi asavulale. Nati ndi yongosunga. Mukaikoka ndi sipanala kuti ndiyo ilimbitse, mazinga amapululuka. Mutayenda tsiku limodzi, menyaninso pang'ono n'kumanganso nati. Ngati bowo la kilanki lakula kale mpaka kotapini yatsopano ikulowa yonse osagwira, gulani kilanki ya kumanzere yokha, mutayeza utali wake kuchokera pakati pa bowo la ekiselo mpaka pakati pa bowo la pedulo. Posamutsa pedulo kumbukirani kuti ya kumanzere, yolembedwa L, ili ndi mazinga obwerera: imamasuka mukazungulitsa mmene mumamangira nati wamba.