Makina amodzi a tempuleti a labu yonse: muziwachotsa dzina musanawakope

Funso labwera pa imelo:

"Ndimaphunzitsa makompyuta, labu yathu ili ndi makompyuta 20 a ramu ya 8 GB. Ndikufuna mwana aliyense akhale ndi Ubuntu Server yake mu VirtualBox kuti aziphunzira kulowa pa makina a mnzake ndi SSH. Ndinakonza amodzi nkukopera onse koma akulimbirana adiresi imodzi, komanso kalasi ikatuluka zonse zimakhala zasokonekera. Nditani kuti ndizingobwezeretsa?"

Aphunzitsi, tiyambire pomwe pakuvutapo. Mukakopa makina simukopa mapulogalamu okha ayi, mumakopanso zizindikiro zomwe makinawo amadziwika nazo pa netiweki, ndiye rauta ikuona ngati ndi munthu mmodzi amene akubwerabwera kudzapempha adiresi ka 20. Anthu ambiri amathamangira kusintha adiresi ya MAC nkumati basi zatheka, koma pa Ubuntu Server sizikwanira. Kumeneko pulogalamu yopempha adiresi ya IP imadzitchula kwa rauta ndi nambala yochokera mu fayilo ya /etc/machine-id, olo MAC ikhale yosiyana, ngati fayilo imeneyi ili yofanana rauta ipereka adiresi yomweyo kwa onse. Muzindikira chonchi: mwana alowa pa SSH bwinobwino, pakangopita kanthawi kulumikizana kwaduka, kapena walowa koma mafayilo amene akuwaona si a mnzake amene amamufuna uja. Lembani `ip a` ndi `cat /etc/machine-id` pa makina awiri oyandikana, zikafanana vuto ndi lomwelo.

Ndiye tempuleti yabwino imamangidwa motere. Pangani makina atsopano mu VirtualBox, muwatche tempuleti, apatseni ramu ya 2048 MB, pa kompyuta ya 8 GB imeneyi ndi yokwanira ndithu poti seva ilibe zojambulajambula, ndipo kompyuta yeniyeniyo itsala ndi mpata wopumira. Netiweki muyiike pa Bridged Adapter osati NAT, chifukwa pa NAT aliyense amakhala mkati mwa mpanda wake ndi adiresi ya 10.0.2.15 ndipo sangaonane ndi mnzake. Ikani Ubuntu, ikani openssh-server ndi china chilichonse chomwe phunzirolo lifune, pangani akaunti ya wophunzira, kenako chitani phunziro lonse inuyo nokha kuyambira poyamba mpaka pomaliza mutalowa ngati wophunzira osati ngati admini. Apa mpamene mumagwira kapulogalamu kamene munayiwala, bola kukagwira pano kusiyana ndi kukaona ana 20 akutsitsa chinthu chimodzi nthawi imodzi pa intaneti ya sukulu.

Chinanso chomwe ine sindisiya, ndimazimitsa zodzikonza zokha zija. Ubuntu ikangoyaka imakonda kuyamba kufunafuna ma apudeti mwakachetechete, mwana akalemba `apt install` nkumuyankha kuti "Could not get lock", iye nkumaona ngati walakwitsa pomwe sanalakwe kanthu. Popeza makinawa muziwabweza mmbuyo kalasi iliyonse, azingoyambiranso ntchito yomweyo tsiku ndi tsiku.

```
sudo systemctl disable apt-daily.timer apt-daily-upgrade.timer
```

Ma apudetiwo muziika nokha pa tempuleti, kaya kamodzi pa teremu, poti makina amene ali pa netiweki sangakhale chaka chonse osakonzedwa.

Tsopano kufufuta dzina kuja. Ichi chikhale chomaliza penipeni, mukatha muzimitse ndipo musayatsenso.

```
sudo truncate -s 0 /etc/machine-id
sudo rm -f /var/lib/dbus/machine-id
sudo ln -s /etc/machine-id /var/lib/dbus/machine-id
sudo rm /etc/ssh/ssh_host_*
sudo poweroff
```

Onani kuti fayilo ya machine-id sitikuyichotsa, tikungoyisiya yopanda kanthu mkati, makina akayaka aona kuti mulibemo nkudzipangira nambala yatsopano. Nchifukwa chake ndikuti musayatsenso, mukangoti ndionenso kamodzi ngati zili bwino, tempuletiyo yatenga nambala ndipo onse okopedwa adzaitengera. Zikachitika choncho bwerezani mizere ija. Makiyi a SSH nawo tikuwachotsa chifukwa ndi amene amatsimikizira mwana kuti walowadi pa makina oyenera, ndiye phunziro la SSH pomwe makina onse ali ndi kiyi imodzi likuphunzitsa zabodza.

Ali chozimitsa chomwecho, atulutseni akhale fayilo imodzi polemba izi pa kompyuta yeniyeniyo:

```
VBoxManage export tempuleti -o labu.ova
```

Fulashi yonyamulira isakhale ya FAT32 chifukwa imakana fayilo yopitirira 4 GB, gwiritsani ya exFAT kapena NTFS.

Tiyerekeze tili pa kompyuta nambala 7. Mwakopera labu.ova, mwatsegula Import Appliance, pa MAC Address Policy sankhani "Generate new MAC addresses for all network adapters", dzina mulembe lab07. Musanayatse lowani pa Settings, Network, muonetsetse kuti Bridged Adapter yaloza khadi ya netiweki ya kompyuta imeneyi, chifukwa imabwera ikukumbukira khadi ya kumene inapangidwira ndipo ngati makompyuta anu ndi osiyana mitundu ikana kuyaka. Ikadandaula za VT-x kapena AMD-V dziwani kuti vuto si tempuleti, pitani mu BIOS ya kompyutayo mukayatse zimenezo. Ikayaka lembani:

```
sudo ssh-keygen -A
sudo hostnamectl set-hostname lab07
sudo systemctl restart ssh
```

Mzere woyambawo musauyiwale, popanda makiyi SSH siyiyamba nkomwe ndipo mnzake wa mwanayo azingokanidwa. Onani `ip a` kuti adiresi ndi yosiyana ndi ya lab06, zimitsani, ndiye pano mpamene mujambule sinapushoti, chithunzi cha mmene makinawo alili chomwe muzibwererako.

```
VBoxManage snapshot lab07 take oyera
```

Nthawi yojambulira imeneyi ndiye nkhani yonse, ndipo ndi pamene anthu amaphonya kwambiri. Fayilo ya OVA siyinyamula masinapushoti, ndiye amene munajambula pa tempuleti sabwera nawo, pa kompyuta iliyonse mujambula yake. Komanso mukajambula makina asanayake koyamba, ndiye kuti mwasunga makina opanda dzina, kubwezeretsa kulikonse adzipangira nambala ina, kupempha adiresi ina kwa rauta, makiyi kulibe, dzina labwerera la tempuleti. Taganizani makina 20 kuchulukitsa ndi makalasi 5 pa tsiku, ndi ma adiresi 100 amene agwidwa, ngati rauta yanu imasunga adiresi tsiku lathunthu ndipo ili ndi ochepa oti igawe, pofika masana ena sapezanso adiresi ndipo inu muzifufuza mawaya pachabe. Mukajambula atayaka kale, lab07 ikhala lab07 mpaka teremu kutha.

Kalasi ikatuluka, makina akhale ozimitsa, kenako:

```
VBoxManage snapshot lab07 restore oyera
```

Zimatenga masekondi chabe chifukwa ikungotaya zomwe zalembedwa pamwamba pa sinapushoti. Mzere umenewu muwuike mu kasikiripiti pa kompyuta iliyonse kuti muzingodina. Koma auzeni ana poyambirira pomwe kuti chilichonse chomwe asiya mkatimo chipita osabwereranso, ntchito yoti mudzachonge aziyitumiza ndi `scp` ku kompyuta yanu belu lisanalire, ndipo muwasiyire mphindi 5 zakumapeto kuti achite zimenezo.

Teremu ikubwerayi mukafuna kuonjezera pulogalamu, musayende kompyuta ndi kompyuta. Yatsani tempuleti, konzani, fufutaninso dzina, tulutsani OVA ina muyipatse dzina lina ngati labu2.ova, yakaleyo muyisunge kaye mpaka kalasi imodzi itadutsa pa yatsopano popanda vuto.