Wogula majuzi awiri, yachitatu yaulere: mtengo watsika ndi zingati?

"Ndimagulitsa kaunjika pamsika wa Lizulu. Nyengo yozizira ikutha ndipo ndatsala ndi majuzi amene ndimagulitsa K6,000 imodzi. Ndikufuna ndizikuwa kuti ogula awiri, yachitatu ndi yaulere. Mwana wanga akuti kumeneko ndi kutsitsa ndi theka, koma mnzanga akuti ndi basela chabe. Zoona ndi ziti?" Mayi wa ku Lizulu, Ntcheu

Mayi, onse awiriwo aphonya. Tiyeni tiwerengere limodzi. Kasitomala akupatsani K12,000, ndalama ya majuzi awiri, koma akuchoka pabenchi panu atanyamula atatu. Gawani K12,000 ija patatu, mupeza K4,000. Umenewo ndiwo mtengo weniweni wa juzi iliyonse. Ndiye kuti pa juzi ya K6,000 mwachotsapo K2,000, lomwe ndi gawo limodzi mwa magawo atatu, kapena kuti pafupifupi K33 pa K100 iliyonse.

Mwana wanu wasokonezeka poyerekeza juzi yaulereyo ndi ndalama imene mwalandira, poti K6,000 ndi thekadi la K12,000. Koma kutsitsa timakuyeza ndi mtengo wa katundu yense amene watuluka. Majuzi atatu ndi a K18,000, ndipo amene mwapereka ulere ndi wa K6,000. Theka likanakwana mukanati wogula imodzi atenge inanso. Mnzanuyo ndiye amene akundidetsa nkhawa kwambiri. Basela ndi tomato mmodzi woponya pamwamba pa mulu, osati K6,000 yathunthu pa kasitomala aliyense.

Musanakuwe, dziwani kaye kuti juzi imodzi inakudyerani zingati. Phatikizani ndalama imene munaodera belo, thiransipoti yofikitsira pa Lizulu ndi ziphaso za pamsika, kenako mugawe ndi chiwerengero cha majuzi ogulitsika okha. Ong'ambika ndi othimbirira aja musawawerengere, chifukwa sadzabweza kanthu.

Tiyerekeze kuti mwapeza K4,500. Pamasiku onse mumapindula K1,500 pa juzi, ndipo zimaoneka zabwino. Koma pa ndondomeko yatsopanoyi majuzi atatu akudyerani K13,500, inu mukulandira K12,000. Kasitomala aliyense akupita ndi K1,500 ya mpamba wanu. Choopsa chake n'chakuti tsiku limenelo benchi imadzaza, chikwama chimalemera, munthu n'kumaona ngati malonda ayenda. Mumadzazindikira pokaoda, ndalama itakana kukwana belo lina. Ngati mwapeza K3,500, atatuwo akudyerani K10,500 ndipo mukutsala ndi K1,500 ya phindu. Ndi yochepa, komabe mpamba uli bwinobwino. Malire ake ndi K4,000: juzi ikakudyerani yoposa pamenepo, mukugulitsa moluza. Lamuloli ndi limodzi pa katundu aliyense. Pa ndondomeko imeneyi, mtengo wogulitsira uyenera kuposa ndalama imene katunduyo anakudyerani kuphatikizapo theka lake.

Pali zinthu ziwiri za pakaunjika zimene zimasintha masamuwa. Choyamba, majuzi a m'belo limodzi safanana mtengo. Munthu akasankha awiri a K6,000 ndi imodzi ya K3,000, yaulere ikhale yotchipayo. Apo katundu ndi wa K15,000, mwachotsa K3,000, kutanthauza K20 pa K100 iliyonse. Koma mukasiya kasitomala asankhe yekha yaulere, adzalipira K9,000 n'kutenga ya K6,000, ndipo mwachotsa K40 pa K100. Choncho nenani poyera asanayambe kusankha, kuti pasakhale mkangano polipira.

Chachiwiri ndi kunenerera. Pa Lizulu palibe amene amalipira mtengo woyamba kumva. Mukalola kuti kasitomala alipire majuzi awiri aja K5,000 imodzi kenako n'kutenganso yaulere, mwalandira K10,000 pa majuzi atatu, iliyonse yapita pa K3,333. Ngakhale uja woodera pa K3,500 waluza pamenepa. Wofuna yaulere alipire mtengo wonse, wofuna kunenerera asatenge yaulere.

Ine maganizo anga ndi awa. Ngati juzi inakudyerani yochepera K4,000, pitirizani, ndipo njira imeneyi ikuposa kungotsitsa mtengo kufika pa K4,000, chifukwa munthu sapeza mtengo wotsikawo pokhapokha atachotsa atatu pabenchi panu. Ngati inakudyerani pakati pa K4,000 ndi K4,500, nenani kuti ogula atatu, yachinayi yaulere. Mulandira K18,000 pa majuzi anayi, iliyonse K4,500, kutsitsa kwa K25 pa K100. Ikapitirira apo, ndingalole kuluza pokhapokha ngati ndalamayo mukuifuna msanga kuti muode zovala za nyengo yotentha. Apo ayi, sankhani majuzi abwinowo, muwamange m'thumba pamalo ouma, mudzawatulutse mu Meyi kuzizira kukamayambiranso.