Kudula mawu ozungulira mu relatoriyo osanama

Funso: Abale, ndine mlembi wa asosiyasau ya alimi kuno ku Ulongwe. Relatoriyo yanga ya zokolola ashefe abweza ati ndachulukitsa "ndikofunika kudziwa kuti" ndi "mwina". Koma zina sindikuzidziwa bwinobwino, ndikachotsa sindikhala ndanama?

Achimwene, mawu awiri mwatchulawo si amtundu umodzi ayi, ndipo vuto lagona pamenepo. "Ndikofunika kudziwa kuti", "tiyenera kukumbukira kuti", "monga tikudziwa tonse", amenewa sanyamula kanthu, ali ngati kutsokomola munthu asanayambe kuyankhula pabwalo. Ambiri tinatengera ku marelatoriyo a Chipwitikizi kumene ndime zina zimayamba chomwecho ndiye tikamalemba Chichewa dzanja limangopita lokha. Fufutani onse osayang'ana kumbuyo. Koma "mwina", "pafupifupi", "akuti", "ena" awa ndi ena, nthawi zina ndi omwe agwira chilungamo cha chiganizo chonse.

Ine ndimayesa chonchi, ndimaphimba liwulo ndi chala nkuwerenga mokweza, kenako ndidzifunsa kuti kodi tekiniko wa zaulimi atandiimika pamsonkhano nkunena kuti onetsa umboni, ndingayankhe? Ngati chiganizo chatsala choona, liwulo linali lachabe. Ngati chasanduka bodza libwerere pamalo pake.

Tiyeni tipange chitsanzo, manambalawa ndangoika ine. Mwalemba kuti: "Ndikofunika kudziwa kuti zikuoneka ngati mwina chimanga chatsikako pang'ono chaka chino, kapena mwina zingakhale chifukwa cha ntchemberezandonda." Werengani nokha, zikuoneka, ngati, mwina, kapena, mwinanso, zingakhale. Kukayika kasanu ndi kamodzi m'chiganizo chimodzi kkkk, ndipo wowerenga sakudziwa kuti mukukayika chani kwenikweni, kutsikako kapena chifukwa chake?

Ndiye khalani pansi mulekanitse. Tinene kuti mamembala ndi 40, inu munapita ndi sikelo kwa 12, munapeza matumba 310 a makilo 50 pamene chaka chatha anthu omwewo anali ndi 400. Apa palibe mwina, munayeza ndi manja anu. Enawo 28 anangokuuzani pafoni. Mbozi munaziona m'minda ingapo, komanso feteleza wachiwiri anthu anathira mochedwa. Mulemba chonchi: "Kwa mamembala 12 amene tinayeza, matumba atsika kuchoka pa 400 kufika pa 310. Otsala 28 akuti nawonso atsika koma sitinayeze. Ntchemberezandonda zinaoneka m'minda ina, koma feteleza wachiwiri anachedwanso, choncho sitinganene kuti chachikulu ndi chiti."

Mwaona? Kukayika kukadalipo, sikunathawe, kungoti kwakhala pamalo pake ndipo kwabwera ndi chifukwa. "Sitinayeze" ndi mwina wolimba kuposa ma mwina khumi, chifukwa akuuza munthu chimene chikusowa, ashefe akhoza kunena kuti tengani njinga mukayeze kwa enawo. Mwina wopanda chifukwa munthu sangachite naye kanthu, amangoona kuti mlembi akuopa kudzudzulidwa.

Pomwe muchenjere ndi apa, anthu akauzidwa kuti dula amadula mpaka nyama. Ine ndinaonapo chilengezo china, wolemba anamva kwa anthu ochokera ku Zobwe kuti mtengo wa kachewere wakwera, pokonza anachotsa "akuti" ndi "ogula ena", chinatsala nchoti mtengo wakwera basi. Anthu anakumba, kukweza pagalimoto, kukafika uko ogula a mtengo umenewo anali awiri okha ndipo anali atadzaza kale. "Akuti" ndi kaliwu kakang'ono koma kamanena kuti ine sindinaone, ndamva. Ngati mungathe onjezani kuti wanena ndani ndipo liti, chifukwa mtengo wa Lolemba si wa Lachisanu. Chimodzimodzi "ena" ndi "ambiri", mukachotsa mu "alimi ena ataya mbewu" mwanena kuti onse. Ndi "pafupifupi" pa hekitala, ngati munda munayeza ndi mapazi musiyeni akhale, kamodzi kokha, osati "mwina pafupifupi ngati mahekitala awiri kapena atatu".

Za nyengo ikubwerayi ndiye musalimbe mtima dala, palibe anayeza mvula ya Disembala isanagwe. Lembani kuti "mvula ikayamba mu Novembala tikuyembekeza..." kuti mawu oti ikayamba anyamule kukayikako.

Ndikudziwanso chimene chimatigwira ife, kwathu kulunjika mawu kwa akulu kumaoneka ngati mwano ndiye timazungulira dala. Ulemu uikeni m'malonje koyamba ndi pothokoza kumapeto, muwalembere kuti bambo, inu, zonsezo, koma mukafika pa matumba nenani 310. Mukamaliza patsani membala mmodzi yemwe sanaione awerenge, mumufunse kuti ndi ziti mlembi akudziwa ndi ziti sakudziwa. Akasokoneza ndiye bwererani pa ndime imeneyo musanapititsenso kwa ashefe.