Tsitsi lobwereka pa selefi: chipumi chikhale chanu

"Ndikufuna kukasoketsa wivi ya bobu yokhala ndi mzere wa pambali. Ndinayesa kuika tsitsi la chithunzi china pa selefi yanga mu PicsArt, koma likuoneka ngati chipewa, mzerenso sukukhala pamalo. Ndikulakwitsa pati?"

Achemwali, vuto layambira pa selefi yomweyo, musanagwire n'komwe tsitsi. Foni ikakhala pafupi ndi nkhope, mphuno ndi chipumi zimakula, makutu n'kubisala kumbuyo. Pamene chithunzi chomwe mwabwerekako tsitsi chinajambulidwa wojambula ali patali, mutu uli mmene ulili. Mitu iwiri yotere singagwirizane ngakhale mutaikoka usiku wonse. Tsamiritsani foni pawindo molingana ndi maso, muime mita imodzi ndi theka, mutchere nthawi, kenako mudule chithunzicho. Tsitsi lanu mulipesere kumbuyo kuti pomwe limayambira pazioneka poyera, ndipo duku lichoke.

Chithunzi chobwerekacho chikhale cha munthu woyang'ana mbali imene mwayang'ana inu, kuwala kukuchokeranso mbali yomweyo. Mukachilowetsa ndi Add Photo, musathamangire kudula tsitsi lokha. Lowetsani nkhope yonse, mutsitse Opacity kufika pa 50 kuti nkhope ziwiri zizionekerana, ndiye mukulitse kapena kuchepetsa mpaka maso ake akhale pa maso anu, chibwano chake pafupi ndi chanu. Maso ndiwo muyeso. Ambiri amayezera m'mbali mwa mutu, n'chifukwa chake tsitsi limatuluka lalikulu ngati dengu. Zikagwirizana, bwezani Opacity pa 100, mufufute nkhope ya mwiniwakeyo.

Apa ndiye ndikhale wouma mutu. Chipumi cha pachithunzicho si chanu, ndipo simudzachipeza ku saluni. Anthu amakonda kutsitsa tsitsi kuti chipumi chichepe, chithunzi n'kukongoladi, koma wosoka wivi amasokerera pa maluko, ndipo maluko amayambira pomwe tsitsi lanu lamera. Ikani zala pakati pa nsidze ndi poyambira tsitsi. Ngati zikulowa zinayi pagalasi, zilowenso zinayi pachithunzi. Kukakamira kuti woluka agwire titsitsi ta m'mphepete kuti afike pomwe chithunzi chikunena, ndiko kumazula tsitsi la m'mbali mwa chipumi. Mukamva kupweteka tsiku lonse kapena kuona tiziphuphu pamzere wa maluko, dziwani kuti akoka kwambiri, ndipo zikachitika kawirikawiri tsitsilo limatha osameranso. Chithunzi chonama chimalipiritsa ndi tsitsi lenileni.

M'mphepete ndi mzere

Chipewa chija chimabwera chifukwa cha malire akuthwa. Tsitsi lenileni limayamba lopyapyala n'kumanka lichuluka. Tengani Eraser, Hardness ikhale pakati pa 20 ndi 30, Opacity yake cha pa 40, mukulitse chithunzi kwambiri, ndipo muzifufuta pang'onopang'ono motsatira mmene tsitsi lagonera, mpaka titsitsi tanu ta pansi tiyambe kutulukira. Mukaona kamzere koyera kozungulira tsitsi, ndi khoma la chithunzi chakale latsalira. Kameneko kafufuteni ndi kachofufutira kakang'ono kolimba. Pomwe tsitsi lagwera pachipumi kapena patsaya payenera kukhala kamthunzi kochepa, apo ayi limaoneka loyandama.

Mzere wa pambali uyambire pamwamba pa pomwe nsidze imakhota, ulowere chakumbuyo mopendekera pang'ono ku liwombo. Wa pakati umatsata mphuno yanu, osati pakati pa chithunzi, chifukwa mutu umapendekeka tikamajambula. Kukula kwake muyeze chonchi: kuchokera pakati pa diso limodzi la munthu wamkulu kufika pakati pa linzake pali masentimita pafupifupi 6, pamene mzere wabwino ndi mamilimita 2 kapena 3 okha. Ukafika kukula kwa chala, wayamba kuoneka ngati dazi. Mtundu wa khungu la mumzeremo mutenge wa m'mutu mwanu, umene nthawi zambiri umayererako poyerekeza ndi chipumi, osati wa mwini chithunzi uja.

Tsono chimene chimayambanitsa anthu ndi oluka awo ndi ichi: mafoni ena amasunga selefi mmene galasi limaonetsera, ena amaitembenuza. Mzere womwe mukuuona kumanzere ukhoza kukhala wa kumanja. Jambulani mutavala malaya olembedwa. Zilembo zikabwerera chambuyo, chithunzicho ndi cha galasi. Pa Samsung zimenezi zili pa Save selfies as previewed, pa iPhone pa Mirror Front Camera.

Ku saluni musangopereka foni. Ikani chala pamutu pomwe mukufuna mzere uyambire maluko asanayambe, chifukwa akaluka kale, kuusuntha n'kumasula mutu wonse.